Kuchepetsa PDF yolemera kuti idutse pa imelo kapena pa WhatsApp: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu amatifunsa kawirikawiri pa kauntala ya shopu yotayipa ndi kupanga fotokope muno mu Zomba, makamaka malo a ntchito akalengezedwa, kapena ophunzira a ku Chirunga ndi ku Domasi akamatumiza mapepala awo. Mafayilo ambiri amene amakana kupita ndi a sikani: masetifiketi, ziphaso ndi makalata osainidwa. N'chifukwa chake mayankho ambiri akukamba za amenewo.

Imelo yanga ikukana kutenga fayilo. Malire ake ndi ati kwenikweni?

Gmail imalola 25 MB pa imelo imodzi, kuphatikiza zonse zimene mwamatapo. Mukapyola pamenepo, imaika fayiloyo pa Google Drive n'kutumiza linki m'malo mwake. Yahoo nayo imalola 25 MB. Koma maimelo a m'maofesi, a boma, a masukulu ndi a mabungwe, ali ndi malire awoawo amene anaikidwa ndi oyang'anira makompyuta kumeneko, ndipo malo ambiri amaima pa 10 MB kapena 20 MB. Inu simungawaone malirewo mpaka imelo itabwerera.

Malo ofunsirapo ntchito kapena sukulu pa intaneti ndiwo amafinya kwambiri. Amalemba pafupi ndi pamene mumaika fayilo kuti isapyole 5 MB, 2 MB, ena 1 MB. Werengani nambalayo musanayambe chilichonse, chifukwa ndi imene ikuuzeni pamene muyenera kufika. Ngati palibe amene wakuuzani malire, ife timati PDF ya pa imelo isapyole 5 MB. Imeneyo imadutsa pafupifupi paliponse.

Ndingaone bwanji kuti fayilo yanga ikulemera bwanji?

Pa kompyuta ya Windows, dinani fayiloyo ndi batani lakumanja la mausi, musankhe `Properties`, muone pa `Size`. Pa foni, tsegulani pulogalamu yosungira mafayilo. Nambala imakhala pansi pa dzina la fayilo. Pa WhatsApp imaonekanso pansi pa dzina. Chenjerani ndi zilembo zotsatira nambalayo: 1 MB ndi pafupifupi 1,000 KB, ndiye 850 KB ndi yopepuka, pamene 54,000 KB ndi 54 MB, ngakhale yalembedwa mu KB.

Mukaipeza nambala, igaweni ndi chiwerengero cha masamba. Tsamba limodzi la sikani likaposa 500 KB, pali zambiri zoti zichoke. Likakhala pansi pa 100 KB, fayiloyo ndi yofinyidwa kale, ndipo vuto lanu ndi kuchuluka kwa masamba. Pitani ku funso la kugawa fayilo.

Masamba ndi 12 okha, achimwene. Zatheka bwanji kuti afike 54 MB?

PDF ilipo ya mitundu iwiri, ngakhale pa sikirini imaoneka chimodzimodzi. Ina imachokera mu Word mwachindunji, ndipo imasunga zilembo monga zilembo. Zilembo sizilemera, buku la masamba 100 la mawu okhaokha likhoza kukhala pansi pa 1 MB. Ina imachokera pa sikana kapena pa kamera ya foni, ndipo tsamba lililonse ndi chithunzi cha pepala lonse, kuphatikizapo malo oyera, makwinya ndi dothi. Kuti mudziwe imene muli nayo, yesani kusankha liwu limodzi ndi mausi kapena chala. Likakana kusankhika, kapena tsamba lonse likasankhika pamodzi, ndi chithunzi.

Chithunzi chimapangidwa ndi timadontho, ndipo sikana imafunsa kuti itole timadontho tingati pa inchi iliyonse. Nambala imeneyo ndi imene mumaiona pa sikirini ndi zilembo za `dpi`. Pepala la A4 pa 300 dpi limakhala ndi timadontho 2,480 m'lifupi ndi 3,508 m'litali, kutanthauza pafupifupi 8.7 miliyoni. Pa 600 dpi sitikhala kawiri ayi, timakhala kanayi, pafupifupi 35 miliyoni, chifukwa m'lifupi tawirikiza ndipo m'litali tawirikizanso. Pa 150 dpi timatsika kufika 2.2 miliyoni. Choncho tsamba la 600 dpi lili ndi timadontho tochuluka ka 16 kuposa la 150 dpi, pamene munthu wowerenga pa foni kapena pa laputopu sangaone kusiyana kwenikweni.

Amene amakupangirani sikani nthawi zambiri sachita dala. Makina amakhala anasiyidwa pa 600 dpi ndi pa kala kuchokera pa ntchito ya munthu wina amene amafuna chithunzi chaukwati, ndipo palibe amene anabwezera.

Ndiye ndiziwauza kuti aike pa dpi ingati, pa kala kapena ayi?

Pa mapepala otumiza pa imelo, 200 dpi ndi pabwino, ndipo 150 dpi imakwanira ngati zilembo zili zazikulu bwino. Pa 300 dpi muzifikapo ngati pepalalo lili ndi zilembo zing'onozing'ono kwambiri, kapena ngati olandira atchula okha nambalayo. 600 dpi ilibe ntchito pa kalata kapena setifiketi.

Nkhani ya kala ili patatu. `Color` imasunga mitundu yonse, ndipo ndi yoyenera setifiketi ndi chiphaso cha unzika, chifukwa olandira amafuna kuona chidindo ndi chithunzi mmene zilili. `Grayscale` imasunga kuda, kuyera ndi kutuwa kwa pakati. Imapepukitsa fayilo, koma osati kwambiri monga ambiri amaganizira, chifukwa sikana imakhala itafinya kale mitundu ija posunga. `Black and White` ndiyo imapepukitsa zedi: kadontho kalikonse kamakhala kakuda kapena koyera basi, ndipo tsamba la kalata yotayipa limatha kutsika pansi pa 100 KB ngakhale pa 300 dpi. Vuto lake n'lakuti chilichonse chofooka chimasowa. Chidindo cha inki yotha, siginecha ya bolopeni ya buluu yosakanikiza, zolemba za pensulo, zonsezi zikhoza kufufutika, ndipo chithunzi cha nkhope chimasanduka chigamba chakuda. Mukasankha imeneyi, ikani pa 300 dpi, osati 150, kuopa kuti zilembo zingathothoke m'mbali.

Mapepala eni ake ndili nawo pano. Ndichepetse PDF yakaleyo kapena ndipangitsenso sikani?

Pangitsaninso sikani. Zimatuluka zooneka bwino kuposa kufinya fayilo yakale, ndipo mumasankha tsamba ndi tsamba. Titenge chitsanzo cha PDF ya 54 MB ija. Tinene kuti ndi ya munthu wofunsira ntchito, ndipo muli kalata yofunsira ntchito tsamba limodzi, CV masamba 3, setifiketi ya MSCE, dipuloma, masamba 2 a zotsatira za mayeso, chiphaso cha unzika, ndi makalata 3 a anthu omuchitira umboni. Onse pamodzi ndi masamba 12, lililonse pafupifupi 4.5 MB, pa 600 dpi ndi pa kala.

Choyamba kuchoka ndi CV. Inatayipidwa mu Word, n'kupulintidwa, kenako n'kuikidwa pa sikana, kutanthauza kuti zilembo zopepuka zinasandutsidwa zithunzi zolemera popanda chifukwa. Tikaitulutsa mu Word mwachindunji, masamba atatuwo amene anali 13.5 MB amakhala mwina 150 KB onse, ndipo amawerengeka bwino kuposa kale. Kalata yofunsira ntchito ikhalabe ya sikani chifukwa ili ndi siginecha.

Atsala masamba 9, olemera 40.5 MB. Tikawajambulanso pa 200 dpi, timadontho timachepa ka 9, ndipo tiyembekezere pafupifupi 4.5 MB. Imeneyo yadutsa kale pa Gmail ndi pa imelo ya ofesi ya 10 MB. Pa 150 dpi timachepa ka 16, kufika pafupifupi 2.5 MB. Nambalazi sizituluka ndendende, chifukwa sikana iliyonse ili ndi kafinyidwe kake, koma sizipita patali.

Nanga ngati malire ndi 2 MB? Apa ndi pamene timasiyanitsa masamba. Kalata yofunsira ntchito ndi makalata 3 a umboni ndi mawu otayipa pa pepala loyera, ndiye timawaika pa `Black and White`, 300 dpi, titayang'ana kuti masiginecha ndi zidindo zatuluka. Anayiwo akhale pafupifupi 320 KB. Masamba 5 otsala, masetifiketi, zotsatira ndi chiphaso, akhale pa kala, 150 dpi, pafupifupi 280 KB lililonse, onse 1.4 MB. Kuphatikiza ndi CV, tafika pafupifupi 1.9 MB. Chiphaso chikhoza kupepukanso ngati mwajambula kakhadi kokhako n'kudula malo oyera ozungulira. Mukatha, lumikizani zidutswazo ndi `Merge PDF` mu pulogalamu imene tatchula pa funso lotsatira, mu ndondomeko imene olemba ntchito apempha.

Mapepala ali kumudzi ku Jali, ine ndili ndi PDF yokha. Pa kompyuta ndichite bwanji?

Pa Windows, pulogalamu yaulere ya PDF24 Creator imagwira ntchito popanda intaneti mukangoiika. Tsegulani `Compress PDF`, ikani fayilo, pa `DPI` lembani 150, `Image quality` muisiye cha m'ma 70 kapena 75. Onani zimene zatuluka. Ngati sizinakwane, tsitsani pang'ono, koma nthawi zonse muziyambira pa fayilo yoyamba ija, osati imene mwafinya kale.

Amene ali ndi Adobe Acrobat yolipira ali ndi `Reduced Size PDF` ndi `Optimized PDF` pansi pa `Save as Other`. Acrobat Reader yaulere imene ili pa makompyuta ambiri ndi yowerengera chabe, musataye nthawi kufufuza m'menemo.

Kwa amene saopa kutayipa malamulo, pali Ghostscript, yaulerenso:

```
gs -sDEVICE=pdfwrite -dCompatibilityLevel=1.4 -dPDFSETTINGS=/ebook -dNOPAUSE -dBATCH -sOutputFile=yopepuka.pdf yolemera.pdf
```

Pa Windows dzina lake ndi `gswin64c` m'malo mwa `gs`. Liwu lofunika m'menemo ndi `/ebook`, limene limatsitsa zithunzi kufika pa 150 dpi. `/screen` imatsitsa kufika pa 72 dpi. Yomalizayi ife sitiigwiritsa ntchito pa masetifiketi, chifukwa nambala za mayeso zimafika posawerengeka. Dzina la fayilo yotuluka likhale losiyana ndi la yolowa. Mukalemba limodzi, mudzaononga yoyambayo.

Kompyuta ndilibe, ndili ndi foni yokha. Zitheka?

Zitheka, m'njira ziwiri. Ngati mapepala muli nawo, ajambuleni ndi pulogalamu ya sikani ya pa foni, monga imene ili mu Google Drive kapena Adobe Scan, osati kamera wamba. Kamera wamba imatulutsa chithunzi cha ma MB angapo chokhala ndi tebulo, chitenje ndi mthunzi wa dzanja lanu, ndipo zonsezo zimalemera. Pulogalamu ya sikani imadula m'mbali, kuongola pepala ndi kuyeretsa kumbuyo. Jambulani masana pakhonde kapena pafupi ndi windo, pepala litagona pamalo osalala. Chithunzi cha mumdima chimadzaza ndi timadontho ta phulusa, ndipo timeneto timavuta kufinya.

Ngati muli ndi PDF yokha, njira yapafupi ndi masamba a pa intaneti monga iLovePDF kapena Smallpdf. Pa iLovePDF mumasankha pakati pa `Extreme compression`, `Recommended compression` ndi `Less compression`. Yambani ndi yapakatiyo. Koma werengerani bandulo yanu musanayambe: fayilo yonse ya 54 MB iyenera kukwera kaye, kenako mukoke yopepukayo, kenako muitumize. Pa netiweki imene ikukweza pa liwiro la 1 Mbps, kukweza 54 MB kumatenga mphindi zoposa 7, ndipo ikaduka panjira mumayambiranso ndi bandulo ina. Amene amakhala kumene netiweki imabwera n'kupita, kuli bwino aike fayiloyo pa fulashi kapena abwere ndi foniyo m'tauni, ichepetsedwe pa kompyuta.

Kodi si zoopsa kuika chiphaso changa pa masamba a pa intaneti amenewa?

Fayiloyo imachoka m'foni mwanu n'kukakhala pa makompyuta a kampani ina kunja kwa dziko. Makampani odziwikawo amalemba kuti amafufuta mafayilo pakapita maola ochepa, koma inu mulibe njira yoonera ngati zachitikadi. Pa manotsi a m'kalasi kapena ndondomeko ya msonkhano wa mpingo, palibe chodetsa nkhawa. Pa chiphaso cha unzika, pasipoti, mapepala a kubanki, a kuchipatala kapena a kukhothi, ife timasankha pulogalamu yogwira popanda intaneti. Mapepala a kuntchito kwanu okhudza anthu ena musawaike n'komwe popanda chilolezo cha akuluakulu.

Zomwezo zikukhudzanso mashopu ngati yathu. Mukamaliza, pemphani kuti fayilo yanu ifufutidwe pa kompyuta inu mukuona, mu `Recycle Bin` momwe, ndipo tulukani mu imelo yanu. Wogwira ntchito wabwino sakwiya nazo.

Yanga si ya sikani. Ndi lipoti la mu Word lokhala ndi zithunzi, koma PDF yake yafika 40 MB. Nanga apa?

Zithunzi za pa foni zimalowa mu Word ndi kulemera kwake konse. Mukachikoka pakona kuti chichepe pa tsamba, chimangooneka chaching'ono, koma timadontho tonse tilipobe. Ngakhale mbali imene mwadula ndi `Crop` imabisika chabe. Lipoti la kumunda la zithunzi 15 limalemera chifukwa cha zimenezi.

Konzani mu Word momwemo. Dinani chithunzi chimodzi, pitani pa `Picture Format`, kenako `Compress Pictures`. Chotsani chizindikiro pa `Apply only to this picture` kuti zithunzi zonse zikhudzidwe, siyani chizindikiro pa `Delete cropped areas of pictures`, musankhe `Web (150 ppi)`. `E-mail (96 ppi)` imapepukitsa koposa, koma mapu ndi matebulo ojambulidwa amafika posaoneka. Posunga ngati PDF, pansi pa dzina la fayilo pali `Standard` ndi `Minimum size`. Yachiwiriyo ndiyo yopepuka. Chitani zonsezi pa kope, chifukwa Word ikafinya zithunzi n'kusunga, sizibwereranso.

Mu LibreOffice, pa `Export as PDF` pali `Reduce image resolution`, imene imakhala pa 300 DPI. Itsitseni pa 150. `Quality` ya JPEG imakhala pa 90%, ndipo mukaitsitsa pa 75% diso siliona kusiyana.

Anzanga akuti ndiike mu ZIP. Zithandiza?

Ayi. Zithunzi za mu PDF zimakhala zofinyidwa kale, ndipo ZIP sipeza choti ichotse. 54 MB ikhoza kutuluka 53 MB. Kuonjezera apo, maimelo ena a m'maofesi amakana ZIP, ndipo wolandira pa foni mwina sadziwa kuitsegula.

Ndaifinya, koma yatsika pang'ono chabe. Ina yachita kukwera. Chalakwika n'chiyani?

Kawirikawiri ndi chimodzi mwa zitatu. Choyamba, fayiloyo ndi ya zilembo, mulibe zithunzi zoti zifinyidwe. Yesani kusankha liwu monga tafotokozera pa funso lachitatu. Chachiwiri, zithunzi zili kale pafupi ndi dpi imene mwapempha. Ghostscript, mwachitsanzo, simakhudza timadontho ta chithunzi pokhapokha chikaposa nambala yopemphedwayo ndi theka lake. Pa `/ebook` ndiye kuti chimatsitsidwa chokhacho choposa 225 dpi, ndipo sikani ya 200 dpi imadutsa ndi timadontho take tonse. Kuti itsike, muyenera kutchula nokha, poonjezera izi pa lamulo la `gs` lija, pambuyo pa `/ebook`:

```
-dDownsampleColorImages=true -dColorImageResolution=150 -dColorImageDownsampleThreshold=1.0 -dDownsampleGrayImages=true -dGrayImageResolution=150 -dGrayImageDownsampleThreshold=1.0
```

Chachitatu, masamba anali a `Black and White`, ofinyidwa bwino kale, ndipo pulogalamu yawasandutsa zithunzi zotuwa kapena za kala. Apa ndi pamene fayilo imakwera m'malo motsika. Zimachitikanso mukagwiritsa ntchito `Microsoft Print to PDF` poganiza kuti ichepetsa. Imeneyo si ntchito yake. Bwererani ku yoyamba ija.

Musafinye yofinyafinya kachiwiri ndi kachitatu. Ulendo uliwonse zilembo zimaonongeka, pamene kulemera kumangotsika pang'ono.

Ndidziwa bwanji kuti sindinaiononge?

Itseguleni musanatumize, muwerenge masamba ngati alipo onse ndipo ali mu ndondomeko yake. Kenako pitani pa tsamba lovuta kwambiri, osati loyamba. Pa setifiketi ya MSCE, kulitsani mpaka 200% muone nambala ya setifiketi, magiredi ndi chidindo. Pa chiphaso cha unzika onani nambala ndi tsiku lobadwa. Funso n'lakuti, kodi munthu amene sakukudziwani angasiyanitse 3 ndi 8, 1 ndi 7, 5 ndi 6, kapena O ndi 0? Inu mumaziwerenga mosavuta chifukwa mukuzidziwa kale pamtima, ndiye ngati pali mnzanu pafupi, mupatseni awerenge mokweza.

Zizindikiro za kufinya kopyola muyezo zimaoneka msanga: timabokosi tating'ono pa malo amene anali osalala, utsi wotuwa kuzungulira zilembo, mizere yopyapyala ya tebulo yodukaduka, ndi chidindo chimene chasanduka banga lopanda mawu. Mukaona zimenezi, kwezani dpi kapena `Image quality` n'kuyambiranso. Pamene malire ndi 5 MB, fayilo ya 4 MB yowerengeka iposa ya 600 KB yosawerengeka. Palibe amene amakupatsani malikisi chifukwa chopepukitsa kwambiri.

Ndipo yoyamba ija isungeni. Kufinya kuli ngati kugayitsa chimanga: ufa subwerera kukhala chimanga. Palibe pulogalamu imene ingabwezeretse timadontho totayidwa. Ipatseni yopepukayo dzina lina, lomveka kwa wolandira, lokhala ndi dzina lanu ndi zimene zili m'katimo, osati `Scan0007.pdf`.

WhatsApp imalola mafayilo akuluakulu. Ndichepetserenji?

N'zoona, kuyambira 2022 WhatsApp imalola fayilo mpaka 2 GB mukatumiza ngati `Document`, pamene kale malire anali 100 MB. Telegram nayo imalola 2 GB. PDF yotumizidwa chonchi imafika mmene ilili, WhatsApp siifinya. Ndiye 54 MB imene yakutherani bandulo inu idzatheranso wolandira. Mukaponya pa gulu la kalasi la anthu 60, aliyense akoka 54 MB yake, kuphatikiza onse kupyola 3 GB, pa manotsi amene akanakwana mu 3 MB. Ambiri amangoona nambalayo n'kuisiya osatsegula. Mafoni ang'onoang'ono nawonso amachedwa kapena kuima kumene potsegula masamba a 600 dpi.

Chinthu china chimene anthu amachita n'kutumiza masamba ngati zithunzi, kapena kujambula sikirini. Pamenepo WhatsApp imafinya yokha mmene yafunira, masamba amabalalika, ndipo zilembo zing'onozing'ono zimafa. Pepala lofunika lizipita ngati PDF kudzera pa `Document`.

Sikutsika kufika pamene ndikufuna. Ndiigawe, kapena nditumize linki?

Buku la sikani la masamba 300, ngakhale tsamba lililonse litakhala 100 KB, ndi 30 MB basi, ndipo kulifinya kupyola apo n'kuliononga. Likatero ligaweni. PDF24 ndi iLovePDF zili ndi `Split PDF`. Popanda zimenezo, tsegulani fayiloyo mu Chrome, dinani `Print`, musankhe `Save as PDF`, pa `Pages` mulembe 1-100. Bwerezani ndi 101-200, mpaka kumapeto. Gawo lililonse lipite pa imelo yake, ndipo pa mutu lembani kuti gawo 1 mwa 3, gawo 2 mwa 3, kuti wolandira adziwe ngati lina lasowa. Musanagawe, onaninso ngati masamba onse akufunikadi. Masamba opanda kanthu a kumbuyo kwa pepala amalemera ngati anzawo.

Linki ya Google Drive ndi yabwino kwa mnzanu kapena aphunzitsi amene mwagwirizana nawo. Akaunti yaulere ili ndi malo a 15 GB. Kumbukirani kusintha `Restricted` kukhala `Anyone with the link`, kapena kulemba imelo ya wolandirayo, apo ayi adzangoona uthenga woti apemphe chilolezo. Pa mapepala okhala ndi chiphaso lembani imelo yake, chifukwa linki yotseguka aliyense amene waipeza akhoza kulowa. Pofunsira ntchito, linki ipeweni pokhapokha ngati apempha okha. Amene akusanja makalata mazanamazana sangadikire kuti mumutsegulire, ndipo makompyuta a m'maofesi ena amatsekereza malinki otere.

Gmail inaitenga bwinobwino, 9 MB yokha, koma yabwerera. Bwanji?

Imelo siinyamula fayilo mmene ilili. Imaisandutsa kaye zilembo, ndipo pochita zimenezi kulemera kumakwera ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Fayilo ya 9 MB imayenda ngati 12 MB, ndiye ofesi imene malire ake ndi 10 MB imaibweza. Kuti mudutse pa 10 MB, fayilo isapyole 7 MB. Pa 20 MB, isapyole 14 MB.

Uthenga wobweza umachokera kwa `Mail Delivery Subsystem`, ndipo m'kati mwake mumapezeka nambala ya `552` kapena mawu onena za `message size`. Nthawi zina sufika pompopompo, ndiye ngati tsiku lotsekera lili pafupi, onaninso imelo yanu pakapita kanthawi, mu `Spam` momwe. Kuona kalata mu `Sent` kumangotanthauza kuti yachoka kwa inu, osati kuti yafika.

PDF yanga ili ndi pasiwedi, ina ili ndi siginecha ya pa kompyuta. Ndingazichepetse?

Ya pasiwedi, monga sitetimenti ya kubanki, mapulogalamu ambiri amaikana mpaka mutalemba pasiwediyo, ndipo imene imatuluka nthawi zambiri imakhala yosakiya. Yesani kuitsegula muone ngati ikufunsabe pasiwedi. Ngati ayi, ikiyeninso ndi `Protect PDF` musanatumize. Komabe masitetimenti otere amakhala a zilembo, opepuka kale, ndipo kawirikawiri safunika kukhudzidwa.

Siginecha ili pawiri. Ya bolopeni imene yajambulidwa pa sikana ndi chithunzi chabe, imafinyika ngati china chilichonse, bola ioneke. Koma siginecha ya pa kompyuta, imene Acrobat imaonetsa uthenga wake pamwamba pa tsamba mukatsegula, ntchito yake n'kutsimikiza kuti fayiloyo sinasinthidwe chisainireni. Kufinya n'kusintha, kulumikiza ndi mafayilo ena n'kusinthanso, ndipo siginechayo imatha mphamvu kapena kusowa kumene. Mafomu okhala ndi mabokosi odzaza nawonso amatha kuuma, osalembekanso. Fayilo yotere itumizeni payokha mmene munailandirira. Ngati yalemera kupyola malire, pemphani amene anaisaina kuti aichepetse kaye, kenako asainenso.